Makilomita Makumi Atatu a Alonda

Chaka chimene ndinalemba mayeso omaliza a sekondale ndinali ndi nthawi yambirimbiri komanso mtima wosakhazikika. Ndinkadikira zotsatira za mayeso, ndinkadikira moyo wanga kuti uyambe, koma kuposa zonse ndinkadikira Lamlungu loyamba la mwezi.

Limenelo ndilo tsiku lokhalo limene chipatala cha paphiri chimalola alendo, kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko. Ndi chipatala cha odwala okhalitsa. Bambo anga anali kumeneko chaka chachiwiri, atafa ziwalo mbali imodzi. Kuphiriko sikufika basi, choncho anthu khumi ndi awiri amene tinali ndi odwala kumeneko tinkachita hayala minibasi imodzi. Adalaiva ankatilipiritsa 120,000, kupita ndi kubwera. Amayi ndiwo ankasonkhetsa, ndipo masamu awo anali achidule: anthu khumi ndi awiri, aliyense 10,000, nkhani yatha.

Sitinkakwerera malo amodzi. Ine, amayi, atelala ndi bambo wina wogulitsa makala tinkakwerera pamsika. Minibasi inkatulukira pangodya ya sitolo ya nsapato itanyamula kale anthu awiri ochokera kutali, kumafakitale: mayi wina wamanyazi wogulitsa mazira, ndi alonda. Kenako tinkaima pamlatho, pamene pankakwera anthu asanu ndi mmodzi.

Mwa anthu a pamlathowo munali mnyamata wowotcherera zitsulo amene ankakaona mkulu wake. Anali ndi timabala ta moto m'manja ngati nyenyezi, ndipo akaseka ankayang'ana pansi. Ndinali nditamulembera makalata asanu ndi anayi m'kope langa la sayansi, onse osatumiza. M'maganizo mwanga tinali titamanga kale nyumba ya mawindo aakulu, zitseko zake atawotcherera yekha. Kunja kwa maganizo anga tinali titalankhulana kanayi.

Alonda anali bambo wamtali, wowonda, wa jekete lokhuthala ngakhale kutentha. Ankalondera nyumba yosungiramo katundu, ndipo Lamlungu limenelo ankakwera minibasi akungoweruka, asanagone. Ankawodzera njira yonse atakumbatira kajumbo ka malalanje. Akazi awo anali ndi matenda oiwala. Anali ataiwala kale ana awo, kwawo, ngakhale dzina lawo lomwe masiku ena. Nkhope imodzi yokha ndiyo inali itatsala m'mutu mwawo, ya amuna awo. Anamwino anali atawauza alondawo kuti nayonso idzapita, osadziwika tsiku.

"Ndiye ndimabwera kudzasayina," ankatero alonda. "Monga kuntchito. Ukajomba amakufufuta m'buku."

Mwezi umenewo azakhali anachira mwana movutikira, amayi n'kupita kukawasamalira milungu itatu. Anandisiyira foni yawo ndi envelopu ya gulu.

"Ungosonkhetsa," anatero. "Usakongoletse."

Pasanathe masiku awiri wowotcherera uja analemba pagulu la pafoni. Anati iye sakudandaula, akungofunsa: a pamlatho amakwera theka la njira, nanga amalipiriranji mofanana ndi amene amakwera njira yonse? Kenako anawonjezera mzere umene ndinauwerenga kokwana makumi awiri: "Asisi a envelopu ndamva kuti masamu amamwa ngati madzi. Atithandize."

Sindinadye n'komwe. Ndinayala kope patebulo la makina osokera a amayi, n'kujambula msewu ngati chingwe cha mfundo zinayi. Pamapu a pafoni ndinapeza kuti kuchokera kumafakitale kufika pamsika ndi makilomita 30, kuchokera pamsika kufika pamlatho 20, kuchokera pamlatho kufika kuchipatala 50. Onse pamodzi 100. Ndinagawa 120,000 ija potsata kutalika kwa chigawo chilichonse: choyamba 36,000, chachiwiri 24,000, chachitatu 60,000. Tsono chigawo chilichonse chilipiridwe ndi okhawo amene ali m'galimoto pa chigawocho. Chomaliza tonse khumi ndi awiri, aliyense 5,000. Chapakati anthu asanu ndi mmodzi, aliyense 4,000. Choyamba anthu awiri, aliyense 18,000.

A pamlatho 5,000. A pamsika 9,000. A kumafakitale 27,000. Ndinaphatikiza kawiri, ndipo inakwana ndendende 120,000, osatsala ngakhale kakobiri. Zinali zokongola ngati nyimbo. Ndinajambula pepalalo, pansi pake n'kulemba kuti: "Aliyense asenze mtunda wake. Pasakhale wokwera pamsana pa mnzake."

Anthu khumi anakondwa, poti anthu khumi mtengo unawatsikira. Wowotcherera anatumiza kachithunzi ka moto katatu. Ndinagona nditaika foni pansi pa pilo.

Mayi a mazira analemba mawa lake, mawu ochepa: "Koma mwana wanga, mwaganizapo bwino?"

"Masamu sanama, mayi," ndinayankha msangamsanga.

Pambuyo pake mayiwo analemba kuti adzagona kwa mng'ono wawo pafupi ndi msika, adzakwerera limodzi nafe. Ndinakonza pepala m'mphindi imodzi. Mayiwo 9,000. Chigawo choyamba chinatsala ndi munthu mmodzi. Alonda: 36,000, kuwonjezera 4,000, kuwonjezera 5,000. Zonse 45,000.

Alonda sanali pagulu, foni yawo inali ya mabatani. Ndinawaimbira madzulo akupita kuntchito. Ndinkamva mphepo ndi magalimoto akuluakulu kumbuyo kwawo.

"Bwereza, mdzukulu. Khutu ili ndi lakale."

Ndinabwereza, n'kulongosola chigawo ndi chigawo monga ndinkachitira m'kalasi aphunzitsi akandiitana kubolodi.

"Imeneyo ndi theka la malipiro anga," anatero. Sanakweze mawu. "Nanga ndikadzabwera ndekha kumsikako?"

"Mudzalipira 9,000 basi."

"Ndimaweruka 6 koloko. Inu pamsika mumanyamuka 7 koloko. Lamlungu kuno kulibe chokwera m'mawa choncho. Tandiuza chinthu chimodzi, iwe wapita kusukulu. Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi anzanga akhala akundilipirira?"

Pamenepo ndikanatha kunena zambiri. Ndikanatha kunena kuti dikirani amayi abwere. Koma pafoni panali patalowa uthenga wina, ndipo ndinkafuna kuona ngati unali wa iye uja.

"Tikatsata masamu, inde, agogo."

"Oho," anatero. "Bwenzi atandiuza kale. Ndakhala ndikuwapatsa moni anthu ndili ndi ngongole yawo osadziwa. Mwezi uno pitani. Ndisonkhe kaye, ndidzapita mwezi wamawa."

Ndinamva kanthu kakundikanda pamtima, koma ndinakaphimba ndi masamu ena. Popeza kumafakitale kunalibenso wokwera, ndinafufuta chigawo choyamba chonse. Mtengo unatsala 84,000. Pogawa mwa anthu khumi ndi mmodzi, a pamlatho anafika 5,500, a pamsika 10,300, nditakweza pang'ono kuti manambala akhale athunthu.

"Chilungamo chako chakwera mtengo ngati shuga," analemba atelala. "Dzana 9,000, lero chapitirira ya amayi ako." Koma analipira.

Amayi anafika Loweruka atatopa, n'kugona osafunsa kanthu. Ine sindinawauze za pepala langa. Ndinasita bulauzi yanga yachikasu.

Lamlungu m'mawa pamsika panali pozizira, mabenchi ali opanda kanthu, agalu akununkhiza makatoni. Minibasi inatulukira pangodya ya sitolo ya nsapato monga mwa masiku onse, koma mopanda munthu. Adalaiva anali bambo wonenepa wokonda kutafuna kamtengo ka machesi. Ndinawapatsa envelopu ndisanakwere, kuti amayi aone kuti ndinagwira ntchito. A pamlatho anali atatumiza zawo pafoni, zonse zinali momwemo.

Adalaiva anawerenga, n'kuwerenganso atanyowetsa chala.

"Asisi, envelopu ina ili kuti?"

"Ndi yomweyo. 84,500. Lero simunapite kumafakitale, ndiye tachotsa makilomita 30."

Adalaiva anachotsa kamtengo pakamwa. "Sindinapite kumafakitale? Nanga ndachokera kuti, kumwamba?"

"Ndimayesa mumakhala kuno, mumapita kukawatenga."

"Galimoto iyi imagona kugalaja ya abwana, kumafakitale, mpanda umodzi ndi pamene amalondera madala aja. Kaya akwere kaya asakwere, ine msewu umenewo ndimaudutsa kubwera, ndimaudutsanso madzulo kukaisiya. Mafuta ake ndi omwewo. Madala aja sindipita kukawatenga, amangotsegula chitseko n'kukhala pampando umene ukanabwera wopanda munthu."

Amayi anandilanda kope m'manja. Anayang'ana chingwe changa cha mfundo zinayi nthawi yaitali. Iwo analekeza sitandade 7, koma anaona msanga kuposa ine.

"Makilomita amenewa si a alonda," anatero. "Ndi a galimoto kubwera kudzatitenga tonsefe. Wawalipiritsa munthu mmodzi?"

"45,000," anayankha atelala m'malo mwanga, chapansipansi, ngati iwo sanavomereze nawo.

"Ine ndimafuna kunena," anatero mayi a mazira akupotokola nsonga ya mpango. "Koma onse anali atavomera kale. Ndinaopa kuoneka ngati ndikupempha."

Adalaiva anatsegula kabokosi ka kutsogolo n'kutulutsa kajumbo ka malalanje. "Ndiye chifukwa chake. Ndawapeza pageti atanyamula aka. Ndati madala kwerani, akuti ayi, sindinalipire. Ndati mipando ilipo, mukakambirana konko. Akuti ndakwera pamsana pa anthu zaka ziwiri, zakwana. Ine ndimayesa mwayambana kutchalitchi." Anandipatsa kajumboko. "Akuti mupatse akazi awo. Akuti muwasendere, okha sangathe."

Amayi anaimba foni ya alonda. Inali yozimitsa, akaweruka ankaizimitsa kuti agone. Anafunsa adalaiva ngati tingabwerere.

"Ola kupita, ola kubwera, msewu wake mukuudziwa. Ndiye kunyumba kwawo sindikudziwako. Tikafika kuphiri geti atatseka, anthu khumi ndi mmodzi osaona odwala awo. Nenani nokha, mayi."

Amayi anakwera, n'kukhala pampando wakutsogolo, osandisungira malo.

Pamlatho nkhani inafotokozedwanso, minibasi itaima injini ikulira. Panafunika kuti aliyense awonjezere 3,300. Mayi wina wa pamlatho anati iye sawonjezera, anagwirizana 5,500.

"Mayi," anatero adalaiva, "mukachita hayala nokha galimoto iyi kuchokera pamlatho pano, ndikulipiritsani zingati? 120,000 yomweyo. Siuluka kuchoka kugalaja kudzatera pano. Ngati mukufuna ya theka la njira, pezani galimoto yogona pansi pa mlathowu."

Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, kope lili pamiyendo, ndikuwerengera ngakhale panalibe wondifunsa. Njira yanga ija ikanakhala yolondola galimoto ikanakhala yogona pamsika, n'kumapita kumafakitale chifukwa cha anthu awiri okha. Apo makilomita owonjezerawo akanakhaladi awo. Koma apa chigawo choyamba chinali cha tonse: 36,000 kugawa khumi ndi awiri, aliyense 3,000. Alonda akanalipira 12,000, mofanana ndi ife a pamsika, a pamlatho 8,000. Ndipo nditatsata mawu a adalaiva mpaka kumapeto, ndinaona kuti chigawo chachiwiri nachonso galimoto inkayenera kuchidutsa kuti ikafike pamlatho. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anatalikitsa ulendo. Msewu wonse unali wa aliyense. Khumi ndi awiri, aliyense 10,000. Ndinazungulira dziko lonse kukafika pamene amayi anaima kalekale.

Wowotcherera anadzakhala pafupi nane, chinthu chimene ndinachilota miyezi isanu ndi umodzi. Ankanunkhira sopo.

"Usadandaule," anatero. "Sunalakwe iwe. Ukanadziwa bwanji kumene imagona? Ndiponso ifeyo zatitsikirabe, 8,800 si 10,000."

Ndinayang'ana manja ake a timabala aja. Anali manja basi. Ndinatembenukira kuwindo mpaka kuphiri.

Bambo tinawapeza atawakhazika pakhonde padzuwa. Ndinawapukuta pakamwa, ndinawauza kuti zotsatira sizinatuluke, iwo n'kundifinya dzanja ndi dzanja lawo lamoyo. Patapita kanthawi amayi anati, osandiyang'ana, "Malalanje aja sadziyendera okha."

Chipinda cha amayi okalamba chinali kumapeto kwa khonde, cha mabedi asanu ndi atatu ndi fungo la mankhwala otsukira pansi. Akazi a alonda ndinkawadziwa: kamayi kakang'ono kamene nthawi zambiri kankangoyang'ana khoma. Tsiku limenelo ndinawapeza atakhala tsonga m'mphepete mwa bedi, tsitsi lopesa, nsapato zili kumapazi.

"Lero adzuka bwino zedi," anandinong'oneza namwino. "Sanakhalepo chonchi chaka chino. Adziwa okha kuti ndi Lamlungu, apempha chipeso. Amuna awo ali kuti?"

Mayiwo anayang'ana kajumbo, kenako ine, kenako chitseko kumbuyo kwanga.

"Mlonda wanga watsalira panja? Amakonda kucheza ndi a pageti, ntchito imodzi."

"Sanabwere, agogo. Atumiza malalanje."

"Wadwala?"

"Ayi."

"Nanga?" Maso awo anali owala, a munthu amene ali yense. "Ameneyo sajomba. Tsiku limene ndinkachira mwana woyamba anayenda wapansi usiku wonse mvula ikugwa. Anafika nsapato ili imodzi." Anaseka. "Mpaka lero amati inayo ndinamubera ndine."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda lalanje. Ndinayesanso foni ya alonda kanayi, osalowa. Mayiwo anandiuza za nyumba yawo yoyamba, ya chipinda chimodzi, ndi wailesi imene ankaimenya kuti ilankhule. Anadya tizigawo titatu, tina n'kukulunga m'kampango.

"Ndimusungire. Akabwera amakhala ndi njala, koma sanena."

Nthawi iliyonse chitseko chikalira ankadzutsa mutu. Belu la 1 koloko litalira anandigwira mkono.

"Ukamuuze kuti ndinavala nsapato."

Lachitatu ndinatenga ndalama zanga zimene ndinkasungira diresi, n'kukwera mabasi awiri kupita kumafakitale. Ndinafika 5 koloko madzulo. Ndinaiona galaja, minibasi yathu ili mkati atayitsegula kumimba, ndipo mpanda wotsatira unali wa alonda. Anali m'kanyumba ka pageti, kokwana mpando umodzi, akulemba m'buku la olowa ndi otuluka.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, okoma, ena ogwetsa misozi. Onse anathawa. Ndinangoyala pepala latsopano pa buku lawo n'kuwaonetsa kuti sanakwerepo pamsana pa munthu, ngakhale tsiku limodzi, ndipo kuti 10,000 yawo inkatipeputsira tonse.

Anayang'ana manambalawo mwaulemu, monga munthu amayang'anira chithunzi cha mwana wa eni.

"Ndiye ndilibe ngongole?"

"Mulibe, agogo. Ndinalakwitsa ndine. Sindinafunse kumene galimoto imagona."

"Ine ndimadziwa kumene imagona, ndimailondera ndi diso limodzi ulere. Koma ndinati mwina masamu a kusukulu amaona zimene ine sindiona." Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la jekete. "Unawapeza bwanji?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati anali chogona, sanadziwe kanthu, simunaphonye kalikonse. Mwina bodza limenelo likanakhala mphatso. Koma ndinali nditatumidwa.

"Anadzuka bwino. Anapesa tsitsi. Akuti ndikuuzeni kuti anavala nsapato."

Alonda anatseka buku pang'onopang'ono. Lole inaima pageti n'kuliza hutala, iwo osaimva. Inalizanso.

"Anandifunsa?"

"Nthawi yonse."

Anadzuka, n'kukatsegula geti, n'kulemba nambala ya loleyo, n'kutsekanso. Atabwerera anati, "Pita, mdzukulu, mabasi atha. Uwauze amayi ako andilembe mwezi wamawa."

Mwezi wotsatira amayi anatenganso envelopu yawo, aliyense 10,000, ndipo panalibe amene anatsutsa. Minibasi inatulukira pangodya alonda ali pampando wawo. Tsiku limenelo sanawodzere. Anali atameta, atavala malaya oyera m'kati mwa jekete, ndipo njira yonse ankayang'ana kutsogolo ngati akuthandiza adalaiva kuyendetsa.

Nditawaona bambo, ndinapita kumapeto kwa khonde. Sindinalowe, ndinaima pachitseko. Namwino uja anandipeza pomwepo.

"Anayamba kuiwala amuna awo sabata yachiwiri," anatero. "Musadziimbe mlandu, inu kapena wina aliyense. Matendawa amatero, akanabwera kaya asabwere. Kawirikawiri amawala kamodzi komaliza, kenako basi."

Ndinamva zimene ananena. Zinali zoona, ndipo sizinandithandize.

Mayi aja anali atakhala pabedi opanda nsapato, manja ali pamiyendo. Alonda anagwada pang'ono kuti nkhope zawo zifanane, n'kuvula chipewa. Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, monga umayang'anira mlendo amene walowa nyumba yolakwika.

"Takulandirani, bambo," anatero. "Mwabwera kudzaona yani?"

Alonda anakoka mpando.

"Ndabwera kudzaona inu, mayi."

"Ine? Zikomo kwambiri. Mwachokera kutali?"

"Kutali ndithu."

"Pepani ndi ulendo. Kuno alendo sabwerabwera."

"Ndidzibwera ine," anatero alonda. "Mwezi uliwonse, mukandilola."

Mayiwo anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu kuvomera. Ine ndinabwerera kukhonde kwa bambo, chifukwa nthawi inali itatsala ola limodzi.